Mutu ndi mchira wa chinjoka: zomwe ndaphunzira mwezi uno

Mwezi uno ndakhala ndikulimbana ndi timadontho tiwiri ta pa tchati changa cha kubadwa, tomwe pa sikirini timalembedwa kuti North Node ndi South Node. Tchatichi ndi chithunzi chomwe okhulupirira nyenyezi amagwiritsa ntchito, choonetsa pomwe dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali pa nthawi yomwe munthu anabadwa. Poyamba ndinkayesa kuti ndi mapulaneti, koma ayi, palibe chinthu chogwirika pamenepo. Njira ya mwezi ndi yopendekeka pafupifupi madigiri 5 poyerekeza ndi njira yomwe dzuwa limaoneka kuti likuyendamo, ndiye njira ziwirizi zimadutsana pa malo awiri. Pomwe mwezi umawoloka kupita kumpoto ndiye North Node, pomwe umawoloka kupita kummwera ndiye South Node. Nthawi zonse malo awiriwa amayang'anizana, motalikirana madigiri 180. Akale a ku Ulaya ankawatcha mutu ndi mchira wa chinjoka, pomwe ku India amati Rahu ndi Ketu.

Dzina la chinjokalo ndinalimvetsa nditakumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, amene anadetsa Lusaka masanasana, ife kuno n'kuona dzuwa litalumidwa mbali. Kadamsana amachitika pokhapokha mwezi watsopano kapena wathunthu ukapezeka pafupi ndi malo amenewa. Kwa akale, chinjoka ndicho chinkameza dzuwa.

Malo awiriwa amayenda chobwerera m'mbuyo, ndipo amamaliza ulendo wozungulira pa zaka 18.6, kutanthauza kuti amakhala pafupifupi chaka ndi theka m'chizindikiro chimodzi mwa zizindikiro 12 za nyenyezi, monga Aries ndi Libra, zomwe zimagawa njira ya dzuwa ija. Ine ndinabadwa mu Malichi 1987. Mutu unali cha pa madigiri 12 a Aries, mchira pa madigiri 12 a Libra. Mutuwo unabwerera pa malo omwewo chakumapeto kwa 2005 ndili ndi zaka 18, kenako chapakati pa 2024 ndili ndi zaka 37.

Okhulupirira nyenyezi a masiku ano amati mchira ndi zizolowezi zomwe munthu amachita osaganiza n'komwe, pomwe mutu ndi kumene akuyenera kulowera ngakhale kuli komangitsa thupi. Mchira wa mu Libra akuti ndi wa munthu wofuna mtendere ndi aliyense, amene amayamba wayang'ana nkhope za anthu asanayankhe. Mutu wa mu Aries ndi kuphunzira kunena kuti ine ndikufuna chakuti.

Apa ndipo panandikhudza. Chaka chatha wachibale wina anabwera kudzabwereka ndalama zomwe ndinasungira fizi ya mwana. Tinakhala pakhonde, tiyi akuzizira m'makapu, ine n'kumangopukuta tebulo lopukuta kale. Mumtima ndinali nditakana, koma pakamwa panatuluka kuti, "Chabwino achimwene, tiona mawa." Mawa lake ndinapereka. Ndachita zotere kuyambira ndili mtsikana, ndipo anthu amandiyamikira kuti ndine wofatsa, osadziwa kuti usiku ndimagona ndi mkwiyo.

Cholakwa changa choyamba chinali kuganiza kuti mchira ndi woipa, wofunika kuutaya. Koma luso lomva maganizo a mnzanga ndi lomwe landithandiza kuyanjanitsa abale pa maliro ndi pa zinkhoswe, sindingalitaye. Vuto limabwera pomwe ndathawirako chifukwa cha mantha. Ndapeza njira yosiyanitsira: ndikavomera mwachangu, mtima n'kupepuka nthawi yomweyo koma madzulo n'kuyamba kuwawa, ndimadziwa kuti chinali chizolowezi chakale chija.

Komabe pali zinthu zomwe zandichititsa kusamala. Aliyense wobadwa pakati pa Epulo 1986 ndi Disembala 1987 ali ndi mutu mu Aries ngati ine, anthu mamiliyoni, amwano ndi ofatsa omwe. N'chifukwa chake ophunzitsa amati uyang'anenso nyumba yomwe mutuwo wagweramo pa nyumba 12 za tchati, zomwe ndi zigawo zoimira mbali zosiyanasiyana za moyo, ndipo zimenezo zimafuna ola lenileni lobadwira. Amayi anga amangoti kunali m'bandakucha. Palinso kusankha pakati pa True Node ndi Mean Node, njira ziwiri zowerengera pomwe mutuwo uli, zomwe zimatha kusiyana ndi digiri imodzi ndi theka. Kwa ine sizisintha kanthu, koma wobadwa mutu uli m'malire a zizindikiro akhoza kupatsidwa mayankho awiri. Ndiyeno mawerengedwe a ku India amabweza zonse m'mbuyo ndi madigiri pafupifupi 24, moti Rahu wanga amagwera mu Pisces, nkhani n'kusinthiratu.

Choncho kayendedwe ka malowa n'koyezeka, akatswiri a zakuthambo amaneneratu kadamsana nako. Koma tanthauzo la pa moyo wa munthu ndi chikhulupiriro, sayansi sinalitsimikizire. Ine ndikuligwiritsa ntchito ngati funso lodzifunsa, osati ngati ulosi.

Lachiwiri lapitali achimwene aja anaimbanso foni. Manja ankanjenjemera, koma ndinati, "Pepani achimwene, ulendo uno sinditha, ndalamazi ndi za sukulu." Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti mwana akulemba liti mayeso.