Kalata yathu yabwera ndi mizere yofiira

Kalata ija ili pano pa tebulo, yakwinyika pakona chifukwa ndinaiika m'thumba la jekete mvula yowaza itayamba pa Katoto, mu Mzuzu muno. Ndaiwerenga kanayi chibwerereni. Mkwiyo wanga sunadziwebe kolowera, kaya kwa amayi a sitolo aja, kaya kwa ine ndemwe amene ndinailemba.

Ndine woyang'anira kalabu ya zamasewero pa sukulu pathu, ntchito imene palibe amene amaifuna koma aliyense amadziwa mmene iyenera kuyendera. Tsiku la masewero la chaka chino lili Lachisanu la sabata yamawa. Ndinalemba kalata imodzi yopempha thandizo ku mabizinesi m'Chingerezi, ahedi anasayina ndi kudinda, ndinapanga mafotokope khumi, n'kusiya mpata pamwamba woti ndizilembapo dzina la bizinesi ndi bolopeni. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Lero ndinapita nayo ku sitolo ina ya hadiweya m'tauni muno, chakufupi ndi msika waukulu. Mnyamata wa pa kauntala anati ndingoisiya, koma eni ake anali pomwepo kuseri kwa zitini za penti, mayi wachikulire ndithu, magalasi ali pamphuno. Anandipatsa moni wa Chitumbuka, atamva mayankhidwe anga anatembenukira ku Chichewa.

"Khalani apa aphunzitsi, ndiiwerenge muli pompano. Ndikaiika mu dirowa ndiye kuti yafa."

Anatseguladi dirowayo kuti ndione. Makalata thoo! A masukulu, a makwaya, a matimu a mpira a ku Chibavi ndi ku Zolozolo, ena osatsegula n'komwe. Kenaka anatenga bolopeni yofiira. Ine mphunzitsi wa zaka khumi ndi ziwiri, kukhala pa ndowa ya penti yovundikira, wina akuchonga ntchito yanga.

Mzere woyamba anaulemba pa moni penipeni. Kalata inayamba ndi mawu a Chingerezi aja otanthauza "Okondedwa Bambo".

"Bambo ake ati? Amuna anga anatisiya kalekale, sitolo ino ndi yanga. Mukanatuma mwana kudzafunsa kuti eni ake ndani, akanakuuzani. Ndiye dzina la sitolo mwalemba ndi bolopeni, chidindo ndi cha fotokope. Ndiye kuti kalata yomweyi ili kwa anthu angati?"

Ndinati khumi. Anaseka, koma osati moipa.

Ndinayamba kufotokoza kuti masewero amathandiza ana kukula bwino, ndipo anangondilozera ndime yoyamba ndi yachiwiri, pamene ndinalemba zomwezo m'mizere khumi ndi inayi. Anati zimenezo akuzidziwa, nawonso anasewerapo ntchemberembaye ali mtsikana. Chimene ankafuna anachipeza pansi penipeni, pa chiganizo chimodzi chokha: tikupempha thandizo lililonse limene mungakwanitse, la ndalama kapena la katundu.

Apa ndi pamene anakhalitsa, ndipo ndi pamene pakundisowetsa tulo. Anati mawu oti "lililonse" amamupatsa wopemphedwa ntchito imene ikanayenera kugwiridwa ndi wopempha. Iwo akhale pansi aganize kuti sukulu ya ana 620 ikusowa chiyani, ayerekeze mtengo, kenaka aope kuti akapereka zochepa anyozeka, akapereka zambiri apusitsidwa. Munthu wotanganidwa akafika pamenepo amangobweza kalata mu envulopu. Sanakane, sanavomere, ndipo iwe umayenda maulendo atatu kumangouzidwa kuti abwana sanaione.

"Mukufuna chiyani kwenikweni? Tchulani."

Ndinatchula zimene zinali m'mutu. Laimu wolembera mizere ya bwalo la mpira ndi tinjira ta othamanga, matumba anayi. Chingwe chotchingira oonerera kuti asalowe m'bwalo, mamita 200. Penti woyera wa magolo, malita asanu. Ndowa zisanu ndi imodzi za madzi akumwa. Mipira iwiri ya miyendo ndi iwiri ya manja, mawezulo, mamendulo, ndi kubwereka chinkuzamawu.

Anadula mndandandawo pakati ndi bolopeni. Laimu, chingwe, penti ndi ndowa, zimenezo zili pa mashelefu awo. Mipira, mamendulo ndi chinkuzamawu, anati ndikapemphe kwa ogulitsa zimenezo. Ndipo anandiuza chinthu chimene sindinachiganizirepo: katundu amene pa shelefu alembedwa K110,000, iwo anamugula pa mtengo wopikulira, ndiye akamupereka sataya K110,000 yonseyo. Koma ndikapempha K110,000 ya m'manja, imatuluka yonse mu ndalama yokaodera katundu wina. Komanso thumba la laimu silisochera panjira ngati mmene ndalama imachitira. Anatero akundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Sanaleke pomwepo, chifukwa pansi pa kalata ndinaika nambala yanga ya foni kuti ofuna kuthandiza atumize pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndinaika kuti zinthu ziphweke basi. Iwo anazunguliza nambalayo kawiri.

"Iyi ndi ya sukulu kapena yanu?"

Nkhope inanditentha. M'mwezi wa Juni uno, Mzuzu akuzizira mpaka m'mafupa, ine thukuta kumsana. Anati sakunditcha wakuba, koma m'mabuku awo sangalembe kuti anapereka ku sukulu pamene ndalama yalowa m'foni ya munthu. Ngati ndi ndalama, pakhale akaunti ya sukulu ya ku banki, dzina lake lofanana ndi la pa mutu wa kalata, ndipo sukulu itulutse lisiti. Ngati ndi katundu, abwere awiri kudzatenga, asayine m'buku kuti alandira zakuti ndi zakuti.

Ndikulemba izi ndakumbukira kuti sindinadye nkhomaliro. Ndinagula chinangwa chootcha pa depoti ndipo chili m'chikwama mpaka pano. Masiku ano ndikumakwiya msanga, mwina ndi kuzizira, mwina ndi mayeso amene ayandikira, mwina ndi chifukwa chakuti mu sitafu rumu aliyense akumandifunsa kuti "mamendulo afika?" ngati ndimawaumba kunyumba. Mkazi wanga akuti ndimatenga zinthu za sukulu ngati maliro a kwathu.

Tibwerere ku sitolo. Chimene chinandipweteka koposa sichinali cha ine. Anati zaka ziwiri zapitazo anapereka penti ndi ndowa ku sukulu ina, osati yathu, atalonjezedwa kuti dzina la sitolo litchulidwa. Sanaitanidwe, sanalandire kalata yothokoza, ngakhale chithunzi chimodzi. Anamva kwa kasitomala kuti mwambowo unachitika. Chaka chotsatira sukulu yomweyo inabweranso ndi kalata ina, yoyamba ndi "Okondedwa Bambo". Ndiye ine ndikulipira ngongole ya anthu amene sindikuwadziwa. Ndinafuna kunena kuti si chilungamo, koma ndinakumbukira kuti a golosale amene anatipatsa makatoni a madzi chaka chatha, nafenso sitinawalembere kanthu. Ndinangoti chete.

Kalata yanga inalonjeza kuti bizinesi yawo "idzadziwika kwambiri". Anafunsa kuti idzadziwika bwanji, kwa yani. Anati ndilembe zinthu zoti munthu angathe kudzaziona ndi maso: chinsalu cha dzina la sitolo chidzapachikidwa pati, wolengeza adzatchula dzinalo kangati, kudzabwera makolo angati. Makolo ndi amene amagula simenti ndi malata, osati ana a Fomu 2. Ndipo ngati ndapemphanso hadiweya ina ya mumsewu womwewo, ndinene poyera, asadzapeze chinsalu chawo chapachikidwa pambali pa cha mnzawo wopikisana naye. Ndinapemphadi ina. Sindinawauze.

Za nthawi ndiye anangopukusa mutu. Masiku asanu ndi anayi. Anati kalata yotere imafunika kufika kudakali mwezi ndi theka, chifukwa iwo amakonza za ndalama kumapeto a mwezi, ndipo makampani akuluakulu amene nthambi zawo zili muno amatumiza pempho ku likulu ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kumene yankho limatenga masabata. Anawonjeza kuti ndilembe kuchuluka kwa katundu osati mtengo wokha. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023, mtengo wa lero sukhala wa mwezi wamawa, koma matumba anayi amakhalabe matumba anayi.

Usiku uno ndayesa kuilembanso. Yakwana tsamba limodzi. Pamwamba dzina la sukulu ndi keyala, tsiku, kenaka dzina lawo lenileni ndi udindo wawo, zotayipa. Mutu wake ukutchula pempho ndi tsiku la mwambo. Pakati pake, ndikaika m'Chichewa, pakuti:

"Tsiku la masewero lidzachitika pa bwalo la sukulu kuyambira 8 koloko m'mawa. Padzakhala ophunzira 620 m'magulu anayi, ndipo taitana makolo onse. Zonse zikufunika K480,000. Sukulu yapereka K150,000, komiti ya makolo ndi aphunzitsi yasonkha K90,000, ndipo yatsala K240,000. Kwa inu tikupempha matumba anayi a laimu, chingwe cha mamita 200, penti woyera malita asanu ndi ndowa zisanu ndi imodzi, zimene pa mitengo ya sabata ino zikukwana pafupifupi K110,000."

Ndime yotsatira ikunena kuti chinsalu chawo chidzakhala pa mzere womalizira mpikisano wothamanga, dzina lidzatchulidwa potsegula, popereka mphoto ndi potseka, ndipo tikuwapempha kuti adzapereke okha chikho cha mpikisano wopatsirana kamtengo wa atsikana. Yomaliza ikulonjeza kalata yothokoza, zithunzi ndi ndondomeko ya mmene zinthu zagwirira ntchito pasanathe masabata awiri. Pansi asayine ahedi ndi ine, chidindo chonyowa, ndipo kumbuyo ndimata bajeti yonse.

Ndinaika dala ziwerengero za sukulu ndi makolo zija, chifukwa anandifunsanso kuti "inuyo mwaikapo zingati?" ndipo ndinachita chibwibwi ngakhale yankho ndinali nalo. Kalata yoyamba inkaoneka ngati tikufuna kuti ena atisenzere mtolo wonse.

Chimene sindinathe kulemba ndi chiwerengero cha makolo. Chaka chatha anabwera ochepa chifukwa kunali mvula, ndipo palibe anawerenga. Ndikalemba 300 ndiye kuti ndanama, ndikalemba "ochepa" ndadziwotcha ndekha. Ndasiya "taitana makolo onse", koma ndikudziwa kuti bolopeni yofiira ija idzaima pomwepo.

Potuluka ndinawafunsa ngati ndikabweretsa yokonzedwa adzatithandiza. Anati, "Bweretsani kaye, aphunzitsi, tidzaone." Kwathu kuno "tidzaone" amatha kukhala inde, amathanso kukhala khomo lotsekedwa mwaulemu. Ahedi mawa akupita ku msonkhano ku ofesi ya zamaphunziro, ndipo chidindo amachitsekera mu kabati yawo. Makalata ena asanu ndi anayi aja ali kale m'madirowa a anthu, onse ndi nambala yanga ya foni pansi pake. K130,000 ya mipira ndi chinkuzamawu sindinaiganizire n'komwe. Magetsi athima tsopano, ndikulemba ndi tochi ya foni, ndipo chinangwa chija chauma gwa.