Tsiku Limene Ndinakonzera Mbava Sipelo

Kuchibale cha akazi anga ndimadziwika kuti ndine katswiri wa makompyuta. Ukatswiri wake unabwera chifukwa ndimagwira ntchito pa kashopu ka fotokope ku Zomba, pomwe pali kompyuta imodzi ndi makina ojambulira mapepala omwe sayamba ntchito usanawamenye khofi m'nthiti. Foni ya wina ikachita khunyu amabwera nayo kwa ine. Ndimaizimitsa, n'kuiyatsanso, ikadzuka ndimapukuta m'manja ngati dokotala wotuluka m'fiyeta. Udindo umenewu sindinaukanepo, chifukwa pa zinkhoswe ndi pa maukwati umandipezetsa chiwalo chabwino cha nkhuku.

Loweruka lina m'mawa apongozi anga aakazi anatulukira pashopu, foni ataikulunga m'kansalu ngati dzira. Anakhala pa benchi, tinalonjerana, kenako anati, "Bambo a Chisomo, tandionereni ichi. Akuti ndawina."

Unali uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa mayi wina wa kumvano. Unkanena kuti kampani ya foni yomwe timasungitsako ndalama ikukondwerera zaka zake, ndiye ikugawa K50,000 kwa makasitomala okhulupirika. Pansi pake panali linki ya buluu ndi mawu oti zitha lero pakati pa usiku.

"Mayi, musadine," ndinatero, chala m'mwamba. "Zinthu izi timayamba taziyeza."

Pamenepa ndinali ndisanalakwe, ndipo ndikufuna zilembedwe. Ndinatsegula `virustotal.com` pa kompyuta ya pashopu. Tsambali linayambitsidwa mu 2004 ndi kampani ina ya ku Spain, Google n'kudzaligula mu 2012, ndipo zonsezi ndinawauza apongozi ngakhale sanandifunse. Ntchito yake ndi yosavuta. Umasankha polembedwa `URL`, n'kuika linki m'kabokosi. Ilo limakafunsa makampani a zachitetezo oposa 90 ngati adilesiyo ili m'kaundula wawo wa masamba oipa, aja obera anthu mapini kapena ogawa mavairasi. Aliyense amayankha payekha, ndipo pamwamba pamabwera nambala yosonyeza kuti angati aiona kuti ndi yoipa. Zili ngati kutenga dzina la mkamwini n'kuyenda nalo kwa mafumu 90 kufunsa ngati anazengedwapo mlandu.

Vuto linali kusamutsa linkiyo kuchoka pa foni kupita pa kompyuta. Ndinkaopa kuigwira. Chala changa n'chachikulu, galasi la foni ya apongozi ndi losweka pakona, ndipo ndinkadziwa kuti ndikati ndidinikize kuti ndikope, itseguka. Choncho ndinaimika foniyo pa sitepula n'kuyamba kutaipa ndekha, chilembo ndi chilembo.

Tsono ine ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito. Munthu akalemba molakwika sindimufunsa, ndimangokonza. Zala zanga zinazolowera chifundo chimenechi. Nditafika pa dzina la kampani ndinaona kuti chilembo cha o chaoneka chowonda modabwitsa, chokhala ngati dzira la nkhanga. Ndinati ndi galasi loswekali. Ndinataipa o wabwinobwino, wonenepa. Kutsogolo kwa kamzere kopendekeka kunali mchira wautali wa zilembo ndi manambala osamveka, ndipo ndinati mchira ndi wa chiyani, mutu ndi umene uli ndi nzeru. Ndinausiya.

Ndinadina, ndipo panabwera kabwalo kobiriwira:

```
0 / 94
No security vendors flagged this URL as malicious
```

Ndinatembenuza kompyuta kuti apongozi aone. "Mayi, akatswiri 94 a dziko lonse lapansi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wapeza banga."

"Ndiye ndi zoona?"

"Sayansi yanena."

Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi mulibe. Koma ndinatenga foni yanga n'kujambula mawu a mphindi ziwiri kutumiza pa gulu la banja, kulengeza kuti linki ija ndaiyeza ku labotale ndipo ndi yoyera ngati ufa woyera. Ndinawonjezanso kuti anthu asamangoopa zilizonse ngati a kumudzi. Mawu amenewa alipobe, ndipo alamu anga amawaliza nthawi iliyonse tikakumana.

Kenako ndinati ndionetse chitsanzo. Ndinadina linkiyo pa foni ya apongozi. Tsamba linatseguka lokongola, mitundu yake yeniyeni ya kampani ija, chizindikiro chake chomwe, ndi chithunzi cha mayi akuseka atanyamula ndalama. Linafunsa nambala ya foni, ndinaika yanga. Linafunsa pini, ndinaika. Linati tikutumizirani nambala ina pa uthenga, muilembe apa. Uthengawo unabweradi pa foni yanga, ndipo m'munsi mwake munali chenjezo loti nambalayi musauze munthu wina aliyense. Ndinawerenga, n'kuvomereza kuti ndi malangizo abwino, n'kuilemba. Tsamba si munthu.

Kagudumu kanazungulira. Kenako panalembedwa kuti zikomo, mphatso yanu ifika pasanathe maola 24.

Sindinadikire maola 24. Pasanathe mphindi zitatu foni inalira m'thumba, ine n'kumwetulira apongozi. Uthengawo unkati ndatumiza K43,000 ku nambala yomwe sindinaionepo chibadwire, ndipo ndatsala ndi K212. Inali ndalama ya lendi yomwe akazi anga anandisungitsa Lachinayi, atanena kuti iwo ndalama siikhala m'manja.

"Yalowa?" anafunsa apongozi.

"Ikuyenda, mayi," ndinayankha. Bodza silinalipo pamenepo. Inkayendadi.

Iwo anati tsopano tiike yawo. Mulungu ndi wabwino, pini yawo anali ataiwala. Anatchula chaka chobadwa, anatchula nambala ya nyimbo ya m'buku, kenako anati pini imadziwika ndi Tadala. Anamuimbira.

Tadala ndi mlamu wanga wamng'ono, chitsirizira cha apongozi, amene akuphunzira za makompyuta ku koleji. Ine ndinkamutenga ngati mwana, poti ndinamupeza akuvala yunifolomu ya pulayimale. Anafika pa kabaza atamva kale mawu anga a pa gulu, ndipo sanandipatse ngakhale moni wokwanira.

"Alamu, munayeza linki iti?"

Ndinamuonetsa kompyuta, ziro wanga wobiriwira akadali pomwepo. Anayang'ana pa kompyuta, anayang'ana pa foni, anayang'ananso pa kompyuta. Kenako anakhala pansi pa katoni ya mapepala n'kuyamba kuseka kosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Alamu, apa mwayeza tsamba lenileni la kampani. Uyu si o. Ndi ziro."

Mbava zija zinalembetsa adilesi yofanana ndi ya kampani, kungochotsa chilembo cha o n'kuikapo nambala 0. Msampha wonse unagona pa kachilembo kamodziko. Ine, mwa luso langa la pa fotokope, ndinawakonzera sipelo, n'kupita ndi dzina la munthu wosalakwa kwa mafumu 94 aja. Onse anayankha zoona zokhazokha, kuti ameneyu timamudziwa, ndi mwana wabwino.

Tadala anadinikiza chala pa linki ija kwa kanthawi mpaka inakopedwa, osatseguka. Chinthu chomwe ine ndinkachiopa ngati njoka chinamutengera masekondi awiri. Anatsegula tsamba loyezera lija pa foni pomwepo n'kumata linki yonse, ndi mchira womwe. Anati mchirawo ndi wofunika chifukwa nthawi zina mbava zimabisa tsamba lawo m'kati mwa adilesi ya eni ake osalakwa, ndiye ukayeza mutu wokha umapeza zoyera. Kabwalo kanabwera kofiira: 4 mwa 94, ndipo pambali pa mayina anayiwo panalembedwa `Phishing`, kutanthauza tsamba lonamizira ena pofuna kukuwedza pini.

Apa ndinayesa kudzipulumutsa. "Komatu 90 akuti ndi yabwino. Pa chisankho 90 amapambana 4."

"Si chisankho ichi, alamu." Anatsitsa mndandanda kundionetsa. Ambiri analemba `Clean`, koma ena analemba `Unrated`, kusonyeza kuti sanaiweruze n'komwe. Ndipo ngakhale `Clean` amangotanthauza kuti m'kaundula mwawo mulibe. Tsamba likatsegulidwa lero m'mawa, palibe amene wadandaula, ndiye limatha kutuluka ndi ziro wobiriwira ngakhale mwini wake ali mbava yotheratu. Kaundula amalemba wakuba amene wagwidwa kale. Anati mmodzi kapena awiri akakuwa pa tsamba lodziwika bwino, mwina alakwitsa, zimachitika. Koma anayi akuti `Phishing` pa linki yolonjeza ndalama zaulere, nkhani yatha.

Anandionetsanso zina ziwiri zomwe maso anga sanazionepo, ngakhale ndakhala ndikutsegula tsambali pamaso pa anthu kwa zaka. Pali deti losonyeza tsiku lomwe linkiyo inayezedwa komaliza, chifukwa ngati wina anaiyezapo kale umaona zotsatira zakezo, mwina za mwezi watha, pokhapokha udine `Reanalyze`. Kenako anachotsa mchira n'kufufuza dzina la adilesi lokha, la ziro lija, ndipo panatuluka `Creation Date`. Adilesiyo inali ndi masiku asanu chilembetsereni. Kampani yomwe akuti ikukondwerera zaka zambirimbiri, tsamba lake likadali la chikuta.

"Ndiponso," anatero akubweza foni m'kansalu ka amayi ake, "ngakhale pakanabwera ziro weniweni, munthu wokupatsani ndalama amafuna pini yanu ya chiyani? Ajenti mukamalandira ndalama amakufunsani pini?"

Funso limeneli ndinalibe nalo yankho, choncho ndinamenya makina a fotokope khofi ngakhale sanalakwe.

Zotsatira zake zinali za thukuta. Tadala anandiimbitsa ku kampani kuti atseke akaunti, ndinasintha pini, ndinapereka nambala yomwe inalandira ndalama. Anandilandira mwaulemu, koma ndalamayo inali itatapidwa kale. Kenako ndinajambula mawu achiwiri pa gulu, a masekondi 11, opanda sayansi. Mwamwayi ambiri anali asanamvere oyamba aja poti anali aatali ndipo amadya bandulo. Amene anamvera ndi amalume a ku Machinga okha, omwe anataya K1,800, ndipo mpaka lero amanditchula kuti a Labotale. Ndinawabwezera. Za lendi tinakambirana ndi akazi anga usiku womwewo, ndipo zokambiranazo sindingazilembe pano chifukwa mbali yanga inali yochepa kwambiri.

Patapita milungu itatu apongozi anatulukiranso pashopu, foni ili m'kansalu komwe kaja. Mtima unagunda, ndinati mwina udindo wabwerera. Ndinaimirira, kukonza kolala, kukoka mpando wa pa kompyuta.

"Bambo a Chisomo, kwabweranso ina. Iyi akuti feteleza."

"Bweretsani, mayi, tiiyeze. Pano ndimakopa yonse."

Anaigwira foniyo ndi manja awiri n'kuibweza pachifuwa. "Ayi, musavutike. Ndimati mundibwereke mayunitsi ndimuimbire Tadala."