Kadontho kamodzi pa WhatsApp ndi momwe ndikukayankhira tsopano

Mtima wanga wakhala pansi pa gawo limene linkandizunguza mutu m'maphunziro osamalira makasitomala: uthenga ukabwera wopanda mutu, monga kadontho kokha, "ghjk", emoji ya nkhuku kapena mawu ojambulidwa a sekondi imodzi, uchite nawo chiyani? Zoti tiziyankha msanga ndiponso mwaulemu tonse tikuzidziwa, sindibwereza.

Chimene chanditsegula maso n'chakuti uthenga wotere suwerengedwa pawokha. Umayamba wakwera m'mwamba n'kuona amene analankhula komaliza, zimene ananena, ndi nthawi imene yapitapo. Pa sitolo ya zomangira imene ndikuphunzirirapo ntchito, tikafunsa kuti "Simenti mukufuna matumba angati?" munthu n'kulemba "5", imeneyo ndi oda. Koma "5" yemweyo akachokera kwa munthu amene tinamaliza naye nkhani mwezi watha, n'kutheka kuti foni yakanikizika m'thumba. Chilembo n'chimodzi, chimene chasintha ndi zomwe zili pamwamba pake.

Zizindikiro zina zili pa kiyibodi pomwepo. Mzere wapakati umayenda a, s, d, f, g, h, j, k, l, choncho "ghjk" kapena "asdf" ndi chala chimene changotsetsereka pa mabatani oyandikana. Koma "kkkk" musaiike m'gulu limenelo, kwathu kuno ndi kuseka, ndipo "jjjj" ikabwera pansi pa nthabwala mwina munthu amafuna k n'kuphonya pang'ono. Emoji zambirimbiri zosagwirizana, galimoto, keke, mbendera, kawirikawiri ndi mwana amene wapatsidwa foni kuti atonthole. Mawu ojambulidwa olembedwa 0:01 amachitika chifukwa batani la maikolofoni lili pamalo omwewo pamene batani lotumizira limaonekera ukalemba. Kadontho kokha nthawi zambiri ndi munthu amene wangogula bandulo ndipo akuyesa ngati yalowa.

Ine njira imene ndaikonda, mwina mopitirira, ndi yodikira mphindi ziwiri kenako n'kuyankha mzere umodzi. M'mphindi ziwirizo zambiri zimadziulula zokha: pamatuluka chizindikiro chosonyeza kuti munthuyo akulemba, kapena uthengawo umasanduka "This message was deleted", ndipo ukafufutidwa sindifunsanso kuti munalemba chiyani. Pakakhala zii, ndimalemba `/` mu WhatsApp Business n'kusankha yankho limene ndinasungiratu: "Moni, talandira kauthenga kanu. Ngati pali chimene mukufuna, tilipo." Ngati inali ngozi, munthu sachita manyazi ndipo safunika kupepesa. Ngati anali ndi nkhani, apitiriza. Ndikuona ngati njira imeneyi ikukwana pafupifupi paliponse, ngakhale anzanga m'kalasi akuti ndaikokomeza.

Povuta kwenikweni ndi chala chachikulu choloza m'mwamba. Bambo wina anafunsa mtengo wa malata, tinamuuza, iye n'kutumiza 👍. Si ngozi, koma si odanso. Akungonena kuti wamva. Ukathamangira kumupatulira malata, ukhoza kukaniza wina amene wabwera ndi ndalama m'manja. Yankho loyenera linali lakuti, "Zikomo bambo. Mukafuna tikusungireni, mungotiuza kuti ndi angati." Basi, osawonjezera mndandanda wa mitengo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi athu. Pepala limene anatipatsa likuti uthenga uliwonse uyankhidwe ndi moni wathunthu, dzina la sitolo, nthawi yotsegulira ndi katundu yense amene tili naye. Tangoganizani mayi amene mwana wake watumiza nkhuku zitatu, akutsegula foni n'kupeza ndime zinayi zomuthokoza chifukwa chotisankha. Nkhani yonseyi anaipatsa kachigawo kochepa kumapeto kwa phunziro, anthu atayamba kale kulongedza mabuku, pamene pa foni ya sitolo mauthenga otere sasowa tsiku lililonse. Sanatchulenso zoti "Muli bwanji" yekha si uthenga woyesera. Akuluakulu ambiri sayamba nkhani usanawayankhe moni, ndiye umayankha moniwo n'kudikira, osawafunsa msanga kuti akufuna chiyani.

Pamene sindinapezebe poima ndi pamene zikubwerezedwa. Nambala yachilendo yatumiza "?" m'mawa, ndayankha mzere wanga uja, masana yatumizanso kadontho. Akhoza kukhala mwana yemwe uja, koma akhozanso kukhala munthu amene kulemba kumamuvuta ndipo akuchita ngati kufulasha kuti timuimbire. Kuimba kumadya mayunitsi a sitolo, ndipo abwana sangakondwe ndikamaimbira matumba a anthu. Panopa ndikumatumiza mawu ojambulidwa aafupi akabwereza kachiwiri, poganiza kuti wosatha kuwerenga amva. Akabwerezanso kachitatu osalankhula kanthu, sindikudziwa ngati ndiimbe kapena ndingosiya.