Mmene ndimadziwira ngongole imene ikufuna kutithawa

Ndimasunga mabuku a sitolo yoodetsa katundu ku Ulongwe, ku Mozambique. Timagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi feteleza kwa eni magolosale a ku Domwe ndi ku Tsangano, ndipo ambiri amatenga pa ngongole ya masiku 30. Mwezi ukamatha ndimasanja ngongole zonse molingana ndi msinkhu wake, chifukwa chiwerengero cha pansi pa buku chimangonena ndalama zimene zili kunja, koma sichinena zimene zibwere ndi zimene zikutayika.

Choyamba ndimasonkhanitsa mafatula onse osalipidwa, amene ndi mapepala oonetsa katundu amene kasitomala watenga ndi mtengo wake, komanso malisiti, ndi mauthenga a ndalama zolowa pa M-Pesa. Ndalama iliyonse imene yalowa ndimaichotsa pa fatula imene kasitomala ananena kuti akulipira. Akapanda kunena, ndimachotsa pa yakale kwambiri. Katundu wobwezedwa nayenso ndimamuchotseratu, apo ayi munthu amaoneka wangongole pa makatoni amene ali kale m'nkhokwe mwathu.

Kenaka fatula iliyonse imapeza mzere wake mu Excel: dzina, nambala, tsiku lolembedwa, tsiku loyenera kulipira, ndi ndalama zotsala. Masiku ndimawerenga kuchokera pa tsiku loyenera kulipira, osati tsiku lotenga katundu, popeza munthu amene munamupatsa masiku 30 sanachedwe pa tsiku la 25. Kompyuta yathu ndi ya Chipwitikizi, choncho ngati tsiku lolipira lili mu D2 ndimalemba chonchi:

```
=HOJE()-D2
```

Yankho likakhala ziro kapena pansi pa ziro, nthawi sinakwane. Zotsalazo ndimazigawa panayi: zochedwa masiku 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, 61 mpaka 90, ndi zopitirira 90.

Pa 30 Seputembala abwana anali ndi nkhawa ndi kasitomala wa ku Domwe amene anali ndi ngongole ya mametikali 180,000, yaikulu kuposa onse. Nditasanja, ndinaona kuti yonseyo ndi ya katundu wa pa 10 Seputembala, wolipira pa 10 Okutobala. Ndinati, "Abwana, awa musawavutitse, tsiku lawo silinafike. Taonani awa a ku Tsangano."

Bambo a ku Tsanganowo anali ndi 60,000 yokha. Mwa imeneyo, 15,000 inali ya mwezi womwewo, koma 45,000 inali ya fatula ya pa 2 Meyi, imene inayenera kulipidwa pa 1 Juni. Masiku ochedwa anali 121. Chodetsa nkhawa china n'chakuti bambowa ankalipira ndithu mwezi ndi mwezi, koma ankalipira mafatula atsopano okhaokha n'kumadumpha yakaleyo. Poona nkhope yawo pa kauntala aliyense akanati ndi kasitomala wabwino. Munthu akamadumpha fatula imodzi chonchi, kawirikawiri pali zifukwa ziwiri: mwina sakugwirizana nayo, kapena wazindikira kuti bola akulipira zatsopano, palibe amufunse zakale.

Kuno kwathu ndimayang'ananso nyengo. Ndalama zimayenda anthu akamagulitsa chimanga, soya ndi mbatata ya kachewere atakolola. Ngongole yopitirira masiku 90 m'mwezi wa Febuluwale, nthawi ya njala, ndimaipezera chifukwa. Koma imene yadutsa Juni, Julayi ndi Ogasiti osachepa ndi metikali imodzi yomwe imandiopsa kwambiri, chifukwa ngati mwini golosale sanalipire pamene makasitomala ake anali ndi ndalama m'thumba, adzalipira ndi chiyani mvula ikagwa, aliyense akuthamangira feteleza?

Ndinatenga kope ya fatula yakale ya bambo a ku Tsangano aja pamodzi ndi pepala limene anasainira polandira katundu, ndipo ndinawaimbira foni. Anandiuza kuti makatoni ena a mafuta anafika akudontha, a mtengo wa 9,000, ndipo anauza dalaivala koma uthengawo sunafike mu ofesi. Chifukwa cha 9,000 imeneyo anagwira 45,000 yonse. Abwana anavomera kuchotsa mtengo wa mafuta owonongekawo, ndipo 36,000 yotsalayo tinagwirizana polemba kuti alipire katatu, 12,000 mwezi uliwonse. Kufikira atamaliza, katundu watsopano azitenga ndi ndalama pamanja. Mfundo imeneyi sanaikonde, koma sitikanapitiriza kuthira madzi m'ndowa yobooka.

Chomaliza ndimaika tebulo la mwezi uno pambali pa la mwezi watha. Panali mayi wina wa mumsika wa ku Ulongwe konkuno amene 40,000 yake inali m'gawo la 1 mpaka 30 mu Ogasiti, ndipo mu Seputembala yonse inasamukira ku 31 mpaka 60 osachepako. Ameneyu ndiye woyenera kupitako sabata yomweyo, katundu wathu akadali pa shelefu yake ndipo ndalama za amene wagulitsa asanakaodere kwina. Ndinalemba dzina lake pamwamba pa mndandanda wa Lolemba, kutsogolo kwa wa 180,000 uja.