Loweruka la zithunzi za matebulo

Lero ndimati ndichape ndi kupuma, koma cha m'ma 9 koloko alamu anga anatulukira kuchokera ku Chilinde, foni ili m'manja. Akufuna tebulo lodyera la mipando 6, ndipo akalipentala atatu, wina wa ku Mchesi, wina wa ku Kawale, wina wa ku Chinsapo, anali atawatumizira zithunzi za ntchito zawo pa WhatsApp. "Alamu, inu munakulira m'utuchi, tandisankhireni," anatero. Zoonadi, malemu bambo anali mmisiri wa matabwa, ndipo ubwana wanga wonse ndinkawagwirira matabwa iwo akupala. Tinakhala pakhonde, tiyi ali pambali.

Mtima wawo unali utagwa kale pa tebulo la ku Mchesi. Linali lofiirira, lonyezimira ngati lathiridwa madzi, lojambulidwa panja dzuwa likuswa mtengo. La ku Kawale analitaya msanga, ati miyendo yake ndi yokhota, yakumaso ikuoneka yaitali kuposa yakumbuyo. Nditaona chithunzicho ndinawauza kuti asafulumire kumuweruza munthuyo. Iye anajambula ataima pafupi kwambiri, foni ataiweramitsa pansi, ndipo ukajambula choncho chili pafupi chimakula, miyendo yowongoka bwinobwino n'kumaoneka ngati ikupendekera m'kati. Ngakhale mzati wa shedi umene unali kumbuyo kwa tebulolo unkaoneka wopendama. Mzati ndi chitseko zikakhota pamodzi ndi tebulo, ndiye kuti yakhotetsa ndi foni.

Choncho tinawalembera onse atatu uthenga umodzi. Tinapempha kuti aimike tebulo pa simenti yosalala, abwerere m'mbuyo mamita ngati atatu, agwire foni mowongoka molingana ndi msinkhu wa tebulo, ajambule chakumaso kwenikweni. Tinapemphanso chithunzi cha mpando atautembenuza miyendo m'mwamba, china cha tepi itayalidwa mopingasa kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo, mbali zonse ziwiri, ndi china cha katundu amene sanapakidwe kanthu.

Za tepizo alamu anadabwa nazo, ndiye ndinawawerengera. Tebulo lawo akufuna la masentimita 180 m'litali ndi 90 m'lifupi. Ngati ngodya zonse zinayi zili pa sikweya, tepi yopingasa iyenera kuwerenga masentimita 201 ndi kachidutswa pang'ono, ndipo iwerenge chimodzimodzi mbali inayo. Kwina ikati 200, kwina 202, tebulolo ndi lopotoka, ngakhale diso lisaone pa chithunzi. Mudzaliona tsiku limene mudzalikankhire pangodya ya chipinda, mbali ina n'kugunda khoma, ina n'kusiya mpata.

Wa ku Kawale anayankha tisanamalize tiyi. Atajambula ali patali, miyendo inaima chilili, ndipo mipata ya pakati pa timatabwa ta kumsana kwa mpando inali yofanana. Ndinaika m'mphepete mwa pepala pa galasi la foni n'kumayeza mpata uliwonse, yonse inagwirizana. Tepi inawerenga 201 uku ndi uku. Wa ku Mchesi anatumiza masana, titadya nsima. Wa ku Chinsapo anangobwezanso zithunzi zomwe zija, ndipo nditaziyang'anitsitsa ndinaona kuti chimodzi chinajambulidwa m'chipinda cha makapeti ndi makatani aatali, china pa matailosi, palibe pamene pakuoneka shedi yake kapena utuchi. Mwina ndi katundu amene anaperekadi kwa makasitomala, sindimunamizira, koma sitingagule pa zithunzi zimene sizikuonetsa dzanja lake. Tinamuika pambali.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa mipando yotembenuzidwa ija. Mpando umafera malo amodzi, pomwe thabwa la m'mbali mwa pokhalira limakumana ndi mwendo wakumbuyo. Munthu akakhuta n'kutsamira, kulemera konse kumakoka pamenepo. Mmisiri wodziwa amaboola mwendowo ndi tchizulo, n'kusema nsonga ya thabwalo kukhala ngati lilime, lokhuthala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thabwalo, n'kulilowetsa m'chiboocho ndi guluu. Lilimelo silioneka pa chithunzi chifukwa lili m'kati, koma zizindikiro zake zimaoneka. Pa mpando wa ku Kawale, mzere wokumanira matabwa unali woonda ngati wolemba ndi pensulo, ndipo pambali pa mwendo panali kadontho kozungulira ka mtengo, kamene amakhomera kuti kagwire lilime lisatuluke. M'ngodya zonse zinayi pansi pa pokhalira anaikamo timatabwa tolimbitsa, tomangidwa ndi masikuluwu.

Pa mpando wa ku Mchesi ndinakuza chithunzi ndi zala mpaka chinayamba kuchita mbuu. Kumbuyo kwa mwendo kunali timadontho tiwiri takuda, tosalingana, pamalo enieni pomwe thabwa likuthera. Imeneyo ndi mitu ya misomali yokwiriridwa ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Mzere wokumanira unali wonenepa kumwamba, woonda kumunsi, wodzazidwa ndi phala lomwelo. Ndiye kuti thabwa anangoligunditsa pa mwendo n'kukhoma. Msomali wolowa kunsonga kwa thabwa, motsata mitsempha ya mtengo, sugwira zolimba, ndipo mpando wotero umayamba kulira kenako kugwedera.

Alamu anati, "Koma alamu, kuwala kwakeko!" Ndinawamvetsa, chifukwa nanenso maso anga anakopeka poyamba. Ndinawaonetsa m'mphepete mwa tebulolo, pomwe vanishi anatsetsereka n'kuuma ngati misozi. Pamwamba, pomwe dzuwa linagunda chammbali, pankaoneka timizere todutsa mopingasa mitsempha ya thabwa, kusonyeza kuti sandipepala anamuyendetsa mosemphana ndi mtengo ndipo sanatsirize ndi wosalala. Pafupi ndi polumikiza pena panali chigamba chotuwa. Pamenepo guluu anatayikira osapukutidwa, ndiye mankhwala odetsera thabwa anakana kulowa. Vanishi wochuluka sabisa zotere, amangoziwalitsa.

Kunsi kwa mpando wa ku Mchesi uja n'kumene kunaulula zambiri. Kunali koyera, kwa mfundo zozungulira zabulauni. Ameneyo ndi paini wodetsedwa kuti afanane ndi mbawa. Paini si mtengo woipa, mipando yambiri m'nyumba zathu ndi yapaini, koma ndi wofewa, ndipo munthu azilipira mtengo wa paini akudziwa. Mbawa ndi yofiirira mpaka m'kati, kunsi ndi pamwamba mtundu umodzi. Wa ku Kawale anati wake ndi mlombwa, ndipo chithunzi cha mpando wosapaka chinavomereza: thabwa labulauni la mizere yoyenda mokhotakhota, m'mphepete mwa thabwa limodzi muli kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo, kamene anakaika kunsi kosaoneka.

Tinamuimbira. Ndinati, "Bambo, matabwa a pamwamba pa tebulo mwalumikiza angati, ndipo anauma liti?" Anayankha mosazengereza kuti ndi anayi, ndipo akhala mu shedi chiyambire dzinja lapitali. Funso limeneli ndinalifunsa chifukwa chithunzi sichingaonetse ngati thabwa ndi louma. Thabwa laliwisi limaoneka bwino lero, koma kukatentha mu Okutobala limanyala m'lifupi, mizere yolumikiza n'kutseguka mpaka nyenyeswa za nsima kumaloweramo. Sichingaonetsenso ngati mpando ukugwedera.

Tagwirizana kuti Lachiwiri ndikaweruka tipite ku Kawale. Ndikatenga tepi ya bambo, ndikakhala pa mpando uliwonse n'kutsamira, ndipo ndikayendetsa chikhatho kunsi kwa tebulo. Alamu anyamuka cha m'ma 4 koloko kukakwera minibasi, ndipo zovala zija ndazinyika kuti ndichape m'mawa ndisanapite kutchalitchi.