Momwe ndinafukulira nkhani zomwe zinakwiririka pa webusaiti yanga

Malinki a mkati mwa webusaiti nthawi zambiri amayenda mbali imodzi. Ukamalemba nkhani yatsopano umakumbukira zakale nkuyikamo malinki opita kumeneko, koma nkhani zakalezo sizidziwa kuti kwabadwa mnzawo, palibe amabwerera kukazitsegula kuti ziloze kwa watsopanoyo. Ndiye nkhani ija imakhala patsamba loyamba kwa kanthawi, kenako zinzake zimaikankhira pansi mpaka kusowa. Ine webusaiti yanga ndi ya zokonza njinga, ndipo nkhani yomwe inandipatsa ntchitoyi ndi ya kasankhidwe ka zigamba ndi guluu womatira chubu. Yolembedwa bwino ndithu koma owerenga ziii.

Choyamba ndinafuna kudziwa kuti ndi masamba angati omwe akuloza kwa iyo. Mu Google Search Console, chida cha Google choonetsa momwe webusaiti yako ikuonekera pa kusaka, muli gawo la `Links`, ndipo pansi pa `Internal links` amakuonetsa masamba ako ndi chiwerengero cha malinki omwe tsamba lililonse likulandira. Osangotengeka ndi manambalawo ayi. Masamba omwe ali pa menyu kapena mmunsi mwa webusaiti amaoneka ndi malinki ambirimbiri chifukwa menyuyo imabwerezedwa patsamba lililonse, komanso lipotili limachedwa, zomwe wasintha lero sungazione mawa. Ine ndimangopita kumunsi kwa mndandanda, komwe kuli masamba osauka.

Kenako ndinayendetsa Screaming Frog, pulogalamu yomwe imayenda pa webusaiti potsata malinki ngati momwe Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera masamba, imachitira, yaulere imafika maadiresi 500. Mizati iwiri ndi yomwe ndimayang'ana, `Unique Inlinks` ndi `Crawl Depth`. Woyambawo ukunena masamba omwe akuloza ku nkhaniyo, wachiwiriwo ukunena kuti munthu adina kangati kuchokera patsamba loyamba kuti akafikeko. Nkhani ya zigamba ija sinali yamasiye kwenikweni, linki inalipo, koma yochokera patsamba la mndandanda wa nkhani zakale, lija umafikako utadina `Next` kambirimbiri. Palibe nkhani ina ngakhale imodzi yomwe imaitchula. Ndipo dziwani kuti tsamba lamasiye lenileni, lopanda linki ndi imodzi yomwe, silituluka nkomwe pa zotsatira za pulogalamuyi poti ilibe njira yofikirako, ndiye umayenera kutenga maadiresi a mu `sitemap.xml`, fayilo ya mndandanda wa masamba ako, nkufananitsa ndi omwe yapeza, omwe akusowawo ndi amasiyewo.

Ena amati bola nkhani ili mu `sitemap.xml` basi zatheka. Ayi ndithu. Fayiloyo imangouza Google kuti adiresi yakutiyakuti ilipo, siinena kuti tsambalo ndi lofunika bwanji kapena likugwirizana ndi ati. Zimenezo zimaoneka pa malinki, kuyambira pa PageRank ya Larry Page ndi Sergey Brin ya m'ma 1998 ija, tsamba lomwe likulozedwa ndi masamba olimba nalo limapatsidwako mphamvu. Komanso wowerenga satsegula fayilo imeneyo.

Tsopano ntchito yeniyeni, kupeza nkhani zakale zoti zilozeko. Ndinalemba izi mu Google, inu muyika adiresi yanu:

```
site:example.com chigamba chubu
```

Zinatuluka nkhani zonse zomwe zimatchula mau amenewa, ndipo sindinazitenge zonse. Ndinasankha zitatu. Ya momwe mungamatire chubu chikabooka, yomwe ndi imene imakoka anthu ambiri kuchokera ku Google, ya chifukwa chomwe tayala limaphwa mobwerezabwereza, ndi ya zida zoyenda nazo pa ulendo wautali. Panalinso ina ya kutsuka tcheni yomwe inangotchula chubu mongodutsa, imeneyo ndinaisiya, munthu amene manja ali bii ndi girisi wa tcheni sakuganiza za guluu.

Funso lomwe ndimadzifunsa pa ndime iliyonse ndi limodzi, kodi munthu akafika pamzere uwu, funso lake lotsatira likuyankhidwa ndi nkhani inayo? Mu nkhani ya kumata chubu muli pomwe ndinalemba kuti pakani guluu mudikire aume kaye musanaike chigamba. Pamenepo ndi pomwe munthu amafunsa kuti guluu wake uti, nanga zigamba zongomata zopanda guluu zija zimalimba? Linki ndinaiyika pomwepo, mkati mwa chiganizo, osati kumapeto kwa nkhani komwe ambiri safikako.

Mau omwe umawasandutsa linki nawonso ndi nkhani. "Dinani apa" sauza aliyense kanthu, kaya munthu kaya Google. Ine ndinawonjezera kachiganizo kakafupi nkuyika linki pa mau onena zomwe zili kutsogoloko:

```html
<a href="/zigamba-ndi-guluu/">kusiyana kwa zigamba za guluu ndi zongomata</a>
```

Mu nkhani ya zida za paulendo mau ake anali ena, "zigamba zoyenera kunyamula", chifukwa ndi momwe chiganizocho chimayendera. Sindikakamiza mau amodzimodzi paliponse, zimamveka zachilendo ukamawerenga. Chomwe ndimapewa kwambiri ndi kugwiritsa mau amodzi polozera nkhani ziwiri zosiyana, mwachitsanzo "kumata chubu" apa ikupita ku nkhani iyi, apo ikupita ku ina, pamenepo umasokoneza wowerenga ndi Google yemwe kuti tsamba lenileni la mutuwo ndi liti.

Mu WordPress ndi zosavuta, umasankha mauwo, `Ctrl+K`, kulemba mutu wa nkhani nkusankha pa zomwe zabwera. Koma ndimatsegulabe khodi kuti ndione kuti ndi `<a href>` weniweni, poti mabatani ena okongola amayenda ndi `onclick` basi ndipo Google imanena yokha kuti malinki otere siingadalirike kuwatsata. Ndimaonanso kuti palibe `rel="nofollow"`, wouza Google kuti isatsate linkiyo, yemwe pulagini ina yamatapo mwakachetechete.

Za mapulagini oyika "nkhani zofanana" mmunsi, sindikuti ndi oyipa, koma ambiri amasankha potengera magulu ndi matagi, ndiye ukhoza kupeza pansi pa nkhani ya chubu pali ya mabuleki chifukwa zonse zili mu gulu la kukonza. Ndimawasiya akhale, koma sindiwawerengera ngati ntchito yachitika.

Ndili mkati mosintha nkhani zakalezo ndinapezamo malinki ena opita ku maadiresi omwe ndinasintha kale. Imodzi imathera pa `404`, kutanthauza kuti tsamba silinapezeke, ina imadutsa pa `301`, yotumiza ku adiresi yatsopano, isanafike. Ya `301` imagwira ntchito inde, koma poti nkhani ndinali nditaitsegula kale ndinangoyika adiresi yatsopanoyo mwachindunji. Nkhani ya zigambayo nayo ndinaiyikamo linki yobwerera ku ya kumata chubu, kuti wofikira kumeneko asathere panjira.

Nditamaliza ndinayendetsanso Screaming Frog. `Unique Inlinks` inakwera ndi atatu aja, `Crawl Depth` inatsika kufika pa 2 chifukwa nkhani ya kumata chubu ili ndi linki patsamba loyamba. Mu Search Console ndinalowetsa maadiresi a nkhani zakale zitatuzo mu `URL Inspection` nkudina `Request Indexing`, zakalezo osati yatsopano yokha, poti malinki atsopanowo ali mmenemo ndipo Google siiwaona mpaka itabweranso kudzaziwerenga. Zotsatira mu `Performance` zimatenga masabata, ndipo choyamba kusuntha nthawi zambiri ndi `Impressions`, chiwerengero cha nthawi zomwe tsamba laoneka pa zotsatira za Google, anthu odina amabwera pambuyo. Ngati papita nthawi nkhani ikadali pa `Crawled - currently not indexed` ngakhale malinki alipo, ndiye kuti Google yafika, yawerenga, koma sinakhutire, pamenepo ndimasiya zamalinki nkubwerera kukakonza nkhaniyo.