Chiwindi cha Nachisale

Poti nonse mwayamba kunditchula kuti Achiwindi, imvani kwa mwini wake. Sindinalume munthu, ndipo agogo sanakomoke. Anangokhala pansi mofulumira.

Mlandu ndi wa ku Nottingham, ku Mangalande. Kumeneko mayi wa m'sitolo amakupatsa chenji n'kukuti "daki", kutanthauza bakha, ndipo iwe uyenera kumwetulira. Bakha weniweni, wodya m'matope uja! Ku ntchito, mnzanga wa ku France amaitana mkazi wake kuti "ma pyusi", nthata yanga, banja lili nganganga. Koma amene anandigwetsa ndi wa ku Iran. Akamaimbira mkazi wake amati "jigareto bokhoramu". Jigari ndi chiwindi, ndipo mawu onsewo akuti "ndidye chiwindi chako". Kwawoko chikondi chenicheni amachiika m'chiwindi monga ife timachiika mumtima, moti ngakhale mayi amauza khanda lake choncho. Mkaziyo ankaseka mpaka foni kunjenjemera. Ine ndinasunga.

Ndiye ndafika ku Dedza kukaonekera, jekete ili pathupi. Nachisale akundithirira madzi osamba m'manja, atagwada. Ndinati ndinong'one, koma mukudziwa mawu anga, ndi a mtsogoleri wa kwaya.

"Nachisale, ine ndidye chiwindi chako."

Madzi anasiya kutsika. Amalume ake anali atakweza mbamu, inaima m'malere, msuzi ukudonthera pa bondo, iwo osamva. Nkhuku ya pabwalo inaima ndi mwendo umodzi. Ngakhale wailesi ndikukhulupirira inatsitsa yokha mawu. Agogo, maso ali pa ine, anatambasula dzanja n'kuyamba kukokera adzukulu kumbuyo kwawo mmodzimmodzi, akuwawerenga. Anakoka ndi mwana wa aneba amene amangodutsa.

"Pepani agogo, ku Iran onse amatero."

"Onse? Dziko lonse?"

"Eya, ngakhale kwa ana."

Apa ndiye anakhala pansi.

"Nanga inu bambo, ku Irani-ko mumapita pa chiyani? Pa ndege kapena pa lichero?"

Tsono tiyeni tiweruze bwino. Inu amene mukusekanu, akazi anu mumawati nthiti yanga. Nthiti! Ku butchala nthiti ndi chiwindi zimakolekedwa pa mbedza zoyandikana, ndipo chiwindi ndiye chofewa, chopanda fupa. Ine ndinasankha nyama yabwino. Kusiyana kwake n'kwakuti inu simunena kuti mudya, basi.

Nkhuku anandiphera ndithu, nthutumba anandipatsa monga mlendo, koma chiwindi sindinachione m'mbale. Akuti agogo anati asandizoloweretse.

Nachisale akuti ukwati ulipobe, bola ndizingomuti "wokondedwa" ngati anthu ena onse. Abusa akufuna tionane Lachinayi, sindikudziwa za chiyani.